Netiweki imadziwa bwanji kuti wasaina ndi mwini ndalama, pomwe kiyi wake sinamuone?

Tadala: Moni nonse. Pali chinthu chikundizunguza mutu. Timauzidwa kuti kiyi wachinsinsi tisamuonetse munthu aliyense. Koma ndikatumiza Bitcoin, makompyuta a pa netiweki amavomereza kuti ndalamazo ndi zangadi. Amadziwa bwanji ngati kiyiyo sanamuone? Kapena waleti imamutumiza atabisidwa, iwo n'kukamuvundukula kumeneko?

Mavuto: Kiyi satumizidwa ayi, achemwali. Pamakhala makiyi awiri, wachinsinsi ndi wapoyera. Waleti imatseka uthenga wanu ndi wachinsinsi uja, ndiye aliyense amene ali ndi wapoyera amautsegula. Ukatseguka, basi, adziwa kuti wautseka ndinu.

Anaphiri: A Mavuto, poti kiyi satumizidwa mwalondola, ndipo satumizidwa ngakhale atabisidwa. Koma zotseka ndi kutsegulazo tizichotsepo, chifukwa zidzatisokoneza kutsogoloku. Uthenga wotumiza Bitcoin subisidwa konse. Aliyense atha kuwerenga kuti ndalama zachoka pa adiresi iti, zapita pa iti, ndipo ndi zingati. Chimene waleti imachita ndi kuika pambali pa uthengawo manambala awiri, `r` ndi `s`, ndipo manambala awiriwo ndiwo siginecha. Njira yake imatchedwa ECDSA.

Tiyambe ndi makiyiwo. Kiyi wachinsinsi ndi nambala chabe, timutche `d`. Amasankhidwa mwachisawawa pakati pa 1 ndi nambala ina yaikulu kwambiri, `n`, ya madijiti 78. Kenako pali mzere wokhota wotchedwa secp256k1, umene samu yake ndi `y² = x³ + 7`, ndipo pa mzerewo pali dontho limodzi lomwe aliyense amalidziwa, `G`. Madontho a pa mzerewu ali ndi lamulo lake lowaphatikizira, moti awiri ukawaphatikiza limatuluka dontho lachitatu la pa mzere womwewo. Ukaphatikiza `G` ndi mwini wake maulendo okwana `d`, pamene wafikapo ndiye kiyi wapoyera, `Q`.

Tadala: Ndiye ngati `G` amadziwika, `Q` naye amadziwika, munthu sangangogawa n'kupeza `d`?

Anaphiri: Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kupita kutsogolo n'kosavuta. Kompyuta siwerenga limodzilimodzi. Imatenga `G` n'kumuwirikiza kawiri, chotulukacho n'kuchiwirikizanso kawiri, mpaka maulendo pafupifupi 256, kwinaku ikuphatikiza zimene zikufunika, ndipo imamaliza sekondi isanakwane. Kubwerera m'mbuyo ndiye kulibe njira yachidule yodziwika. Madonthowo amadumphadumpha, moti kuona `Q` sikukuuzani ngakhale zoti `d` ndi wamkulu kapena wamng'ono. Njira yabwino kwambiri yodziwika pa makompyuta amene tili nawowa imafuna masitepe pafupifupi `2^128`, nambala ya madijiti 39.

Kuti tione ndi maso, titenge mzere waung'ono wophunzirira, `y² = x³ + 2x + 2`, powerengera ndi zotsala ukagawa ndi 17. `G` wake ndi (5,1), ndipo `n` ndi 19. Madontho oyamba ndi awa:

```
1G = (5,1)    2G = (6,3)    3G = (10,6)
4G = (3,1)    5G = (9,16)   6G = (16,13)
```

Taonani nambala yoyamba mmene ikuyendera: 5, 6, 10, 3, 9, 16. Palibe dongosolo loti mungalitsate. Pano madontho ndi ochepa, munthu atha kuwalemba onse n'kuyang'ana. Pa secp256k1 mndandanda wotere palibe angaulembe.

Yamikani: Ndiwonjezere kachinthu kamodzi asanapitirize Anaphiri. Chimene chimasainidwa si uthenga wonse ayi, koma hashi yake, nambala yaifupi yokhala ngati chidindo cha uthengawo. Waleti imasonkhanitsa ndalama zimene zikugwiritsidwa ntchito, maadiresi olandira ndi kuchuluka kwa zimene aliyense alandire, n'kuzipititsa mu SHA-256 kawiri. Imatuluka nambala ya mabayiti 32, imene tiitche `z`. Mukasintha ngakhale satoshi imodzi, kapena chilembo chimodzi cha adiresi, `z` amasinthiratu. Komanso ngati mukuphatikiza ndalama zimene munalandira maulendo atatu osiyana, masiginecha amakhalanso atatu, iliyonse ndi `z` wake.

Anaphiri: Zikomo achimwene. Tsopano tisaine. Tinene kuti kiyi wachinsinsi ndi `d = 6`, ndiye wapoyera ndi `Q = (16,13)`. Hashi ya uthenga tinene kuti ndi `z = 5`.

Posaina, waleti imasankha nambala inanso yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi kokha, `k`. Titenge `k = 3`. Imawerengera `3G`, n'kupeza (10,6), ndipo nambala yoyamba ya dontholi ndiyo `r`. Choncho `r = 10`. Kenako:

```
s = k⁻¹ × (z + r × d) mod n
```

Mawu akuti `mod n` akutanthauza kuti timasunga chotsala tikagawa ndi 19, ngati mmene wotchi imayambiranso ikafika pa 12. Mkatimo muli 5 kuphatikiza 10 kuchulukitsa ndi 6, zomwe ndi 65, ndipo chotsala ndi 8. Kugawa ndi 3 kuno kumachitika pochulukitsa ndi 13, popeza 3 kuchulukitsa ndi 13 ndi 39, ndipo 39 ukagawa ndi 19 imatsala 1. Ndiye 13 kuchulukitsa ndi 8 ndi 104, chotsala 9. Siginecha yathu ndi `r = 10`, `s = 9`. Zimene zimapita pa netiweki ndi uthenga, manambala awiriwa, ndi `Q`. `d` ndi `k` amatsala mu waleti.

Wotsimikizira amachita izi:

```
w  = s⁻¹ mod n
u1 = z × w
u2 = r × w
P  = u1·G + u2·Q
```

`w` ndi 17, popeza 9 kuchulukitsa ndi 17 ndi 153, chotsala 1. `u1` ndi 85, chotsala 9. `u2` ndi 170, chotsala 18. Pa mzerewu `9G` ndi (7,6), ndipo `18Q` ndi (16,4). Madontho awiriwa akaphatikizidwa limatuluka (10,6). Nambala yoyamba ndi 10, yofanana ndi `r`, ndiye siginecha yalandiridwa. Onani bwino: wotsimikizira wafika pa dontho lomwe lija limene wosaina anayambirapo, koma wadutsa njira ina, yogwiritsa ntchito `Q`. Sanakhudzepo 6 kapena 3 paliponse.

Tadala: Ndayesa papepala mbali ya zotsalayi, ikutulukadi. Nanga wina akagwira uthengawo panjira n'kusintha adiresi yolandira kuti ikhale yake?

Anaphiri: `z` amasintha. Tinene kuti wakhala 7 m'malo mwa 5, siginecha ili yomweyo. `u1` amakhala 5, ndipo dontho lotuluka ndi (5,16). Nambala yoyamba ndi 5, osati 10, ndiye kompyuta iliyonse imaukana uthengawo ndipo siupititsa kwa inzake. Kuti wakubayo apange `s` wogwirizana ndi 7, akufunika `d`. Pa mzere waung'onowu munthu atha kulasa mwamwayi poti manambala ndi 19 okha. Pa weniweni mwayi wotero mulibe.

Mavuto: Tsono ndaona chifukwa chake kiyi saululika. Samu ndi imodzi, `s × k = z + r × d`, koma zosadziwika ndi ziwiri, `k` ndi `d`. Kusukulu tinaphunzira kuti samu imodzi ya zosadziwika ziwiri ilibe yankho limodzi. Ndiye ngakhale utakhala ndi kompyuta yamphamvu chotani, sungampeze.

Anaphiri: Mbali yoyamba ili bwino, koma chomaliza chanucho ayi. N'zoona kuti `9k = 5 + 10d` ili ndi mayankho ambiri. Mwachitsanzo `d = 1` ndi `k = 8` akugwirizana nayo: mbali zonse ziwiri chotsala ndi 15. Koma yankho limenelo ndi losavuta kulikana, chifukwa `8G` ndi (13,7), ndipo 13 si `r` wathu. Komanso `1G` si `Q`. Yankho loona ndi limodzi, ndipo zonse zolitsimikizira zili poyera. Chotiteteza n'chakuti kuchoka pa `r` kubwerera pa `k` ndi vuto lomwe lija lochoka pa `Q` kubwerera pa `d`. Siginecha siwonjezera khomo lina, koma khomo lakale lija likadalipo. N'chifukwa chake anthu amakamba za makompyuta a kwantamu. Njira imene Peter Shor anaitulutsa mu 1994 ingathe kubwerera m'mbuyo motere, pakanakhala kompyuta ya kwantamu yaikulu mokwanira, imene mpaka pano sinaonetsedwe.

Koma ngozi imene yadyapo anthu ndalama ndi ina, ndipo yagona pa `k`. Tisainenso uthenga wachiwiri, `z = 14`, ndi `k = 3` yemwe uja. `r` akhalabe 10, poti `3G` sasintha. Mkati muja muli 14 kuphatikiza 60, zomwe ndi 74, chotsala 17. Tikachulukitsa ndi 13 tipeza 221, chotsala 12. Tsopano munthu wongoonera ali ndi masiginecha awiri, (10, 9) ndi (10, 12), ndi mahashi awiri, 5 ndi 14.

```
k = (z1 − z2) / (s1 − s2) mod n
d = (s1 × k − z1) / r mod n
```

5 kuchotsapo 14 ndi −9, 9 kuchotsapo 12 ndi −3, ndipo tikagawa tipeza 3. `k` uja waoneka. Kenako 9 kuchulukitsa ndi 3 ndi 27, kuchotsapo 5 ndi 22, chotsala 3. Kugawa ndi 10 ndi kuchulukitsa ndi 2, poti 20 chotsala chake ndi 1. Yankho ndi 6. Kiyi wachinsinsi watuluka. Ndipo apa ukulu wa manambala suthandiza chilichonse. Pa secp256k1 samu yake ndi mizere iwiri yomweyi, ndipo foni wamba imaimaliza nthawi yomweyo.

Yamikani: Izi si zongoganizira. Kumapeto kwa 2010 kunaonetsedwa poyera kuti Sony inkasaina mapulogalamu a PlayStation 3 ndi `k` mmodzi yemweyo nthawi zonse, ndipo kiyi wake anapezeka mwa njira imeneyi. Mu Ogasiti 2013 kunapezeka vuto mu `SecureRandom` ya Android, mawaleti ena a Bitcoin anabwereza `k`, ndipo ndalama zinabedwa. Chizindikiro chake chimaonekeratu: masiginecha awiri a kiyi mmodzi okhala ndi `r` wofanana. Popeza masiginecha onse amakhala mu bulokotcheni mpaka kalekale, pali anthu amene mapulogalamu awo amangokhalira kufufuza zimenezo.

Choopsa china n'chakuti `k` sachita kufunika kubwerezedwa yense. Ngati mabiti ake ochepa amadziwika kapena amapendekera mbali imodzi nthawi zonse, munthu wosonkhanitsa masiginecha ambiri athanso kufika pa `d`. Pamenepo `r` amaoneka wosiyanasiyana bwinobwino, ndipo ndi maso simungazindikire.

Bambo Gondwe: Pepani ndalowa mochedwa, koma nkhaniyi ikundikhudza. Ine ndikuona kuti siginecha imaulula kiyi ndithu. Ndinalumikiza waleti yanga ya Ethereum pa tsamba lina, linandipempha kusaina, ndinasaina kamodzi kokha, ndipo mmawa mwake matokeni a mtundu umodzi anali atatha onse. Mawu anga 12 aja sindinalembepo paliponse pa intaneti. Ndiye anampeza bwanji kiyi ngati si kudzera mu siginechayo?

Anaphiri: Pepani kwambiri bambo. Musanagamule kuti kiyi wapita, taonani chinthu chimodzi. Tsegulani tsamba loonera bulokotcheni, mupeze uthenga umene unatulutsa matokeniwo, muyang'ane mzere wolembedwa `From` pamwamba penipeni, osati wa m'munsi wosonyeza kumene matokeni achokera. Pali adiresi yanu kapena ya wina? Ndipo ETH yanu ikadalimo?

Bambo Gondwe: Ndaona. Pa `From` pali adiresi yachilendo, ndipo pa `Method` palembedwa `transferFrom`. ETH ilimo, sanaikhudze.

Anaphiri: Ndiye zonse zikuloza kuti kiyi wanu sanabedwe. Akanakhala naye, akanasaina ndi adiresi yanu ndipo ETH akanasesanso. Chimene munasaina chinali chilolezo, `approve` kapena `permit`, chouza kontirakiti ya tokeniyo kuti adiresi ina ili ndi ufulu wotenga matokeni anu mpaka mlingo wakuti, ndipo kawirikawiri mlingowo umaikidwa wopanda malire. Ngati sanakulipiritseni gasi posainapo, inali `permit`, imene imasainidwa kunja kwa bulokotcheni, iwo n'kukaipereka okha. Siginecha inagwira ntchito yake molondola. Inatsimikiza kuti mwini kiyi wavomereza `z` ameneyo. Samuyi ilibe njira yodziwira ngati mwiniwakeyo anamvetsa zimene zinali mu `z`.

Choti muchite lero ndi kufafaniza chilolezocho, pobweza mlingo wake pa 0, ndipo muonenso zilolezo za matokeni ena onse. Chikapanda kufafanizidwa, tokeni ya mtundu womwewo imene ingalowenso pa adiresiyo atha kuitenganso. Pa `From` pakanakhala adiresi yanu pa uthenga umene simunatumize, mankhwala ake akanakhala ena: kupanga waleti yatsopano ya mawu atsopano n'kusamutsa zonse msanga, chifukwa kufafaniza zilolezo sikuthandiza kiyi akakhala m'manja mwa wina.

Bambo Gondwe: Ndamva mayi, zikomo. Ndiyamba ndi kufafanizako.

Tadala: Ine za `k` zija zandiopsa. Waleti yanga ndingadziwe bwanji kuti sikubwereza?

Yamikani: Mawaleti ambiri odziwika masiku ano sadaliranso foni kuti iwapatse `k` wachisawawa. Amatsata RFC 6979, imene inatuluka mu 2013. `k` amapangidwa kuchokera pa `d` ndi `z` pogwiritsa ntchito HMAC, njira yopangira hashi yogwiritsa ntchito kiyi. Uthenga ukasiyana, `k` amasiyana. Uthenga ukakhala womwewo, `k` amakhala yemweyo, koma siginecha nayo imakhala yomweyo, ndiye woonera sapeza samu yachiwiri. Ndipo amene alibe `d` sangawerengere `k`. Ngati waleti yanu ili ndi malo osainira uthenga wamba, sainani mawu amodzimodzi kawiri. Masiginecha akafanana ndendende, ndi chizindikiro chakuti `k` akuchokera mu uthenga. Kenako sinthani chilembo chimodzi, muone kuti `r` wasintha.

Mavuto: Ine ndimamva kuti Taproot, ndondomeko ija imene inawonjezedwa pa Bitcoin, inathetsa mavuto onsewa, poti inabweretsa siginecha za Schnorr.

Yamikani: Inathetsa ena, osati ili. Taproot inayamba kugwira ntchito mu Novembala 2021, pa buloko 709632. Siginecha yake ndi ya mabayiti 64, pomwe ya ECDSA imakhala 71 kapena 72, ndipo samu yake ndi yophweka: `s = k + e × d`, pamene `e` ndi hashi yophatikiza dontho `R` lochokera pa `k` ndi `G`, kiyi wapoyera ndi uthenga. Mukasaina mauthenga awiri ndi `k` mmodzi, muchotse samu ina pa inzake, `k` amafafanizika, `d` n'kutsala yekha. Kuba kiyi apa n'kosavuta kuposa pa ECDSA.

Tadala: Ndiye chabwino ndi waleti ya kachipangizo ija, yoti kiyi satulukamo?

Anaphiri: Ine ndinganene kuti inde. Kompyuta imakonza uthenga wosasainidwa n'kuupereka ku kachipangizoko. Iko kamaonetsa adiresi ndi kuchuluka kwa ndalama pa sikirini yake, inu n'kudina batani, kenako kamawerengera `z`, `k`, `r` ndi `s` mkati mwake n'kubweza siginecha yokha. Pa Bitcoin uthenga wotere umayenda ngati PSBT, kudzera pa chingwe, pa kakhadi kapena pa QR. Ngakhale kompyuta ikhale ndi vairasi, siona `d`. Chimene vairasi ingachite ndi kusintha adiresi yolandira uthenga usanafike pa kachipangizo, ndiye muziwerenga adiresi yonse pa sikirini ya kachipangizoko, osati zilembo zinayi zoyamba ndi zomaliza zokha.

Yamikani: Ndikuvomereza, koma mawu akuti kiyi satulukamo ine ndimawakayikira pang'ono. Tangoona kuti wodziwa `k` amadziwa `d`. Nanga amasankha `k` ndani? Kachipangizo komweko. Kakakhala ndi pulogalamu yachinyengo, katha kusankha `k` m'njira imene wopanga chinyengoyo amaidziwa. Siginecha imatuluka yovomerezeka, ndalama zimafika kumene mwatumiza, koma iye amawerenga kiyi wanu mu bulokotcheni popanda chingwe kapena intaneti pa kachipangizoko. Kuyesa kosaina kawiri kumene ndanena kuja sikungagwire zimenezi, chifukwa kachipangizo konyenga kathanso kutulutsa masiginecha ofanana, ndipo simungatsimikize kuti katsatadi RFC 6979 popanda kukhala ndi `d` pamalo ena.

Anaphiri: Zimenezo n'zoona, ndipo njira yotsekera ilipo. Kachipangizo kamayamba kalonjeza dontho la `k` wake, kenako kompyuta imawonjezera nambala yake yachisawawa, ndipo pamapeto kompyuta imaona ngati nambala yakeyo yalowadi mu `r`. Kachipangizo sikathanso kusankha `k` kokha. Koma si zipangizo zonse zimene zimachita zimenezi. Komanso munthu amene wakwanitsa kuika pulogalamu yachinyengo m'kachipangizo kanu ali ndi njira ina yapafupi, yokupatsani mawu 12 kapena 24 amene iye akuwadziwa kale. Kwa munthu wamba ine ndimaika patsogolo kugula kachipangizo kwa opanga ake enieni ndi kulola mapulogalamu osainidwa ndi iwo okha.

Yamikani: Pamenepo mukudalirabe opangawo, achemwali. Pa ndalama zambiri ine ndingakonde makiyi atatu pa zipangizo za makampani osiyana, oti awiri asaine. Kamodzi kakaulula kiyi wake, wakubayo amakhalabe ndi siginecha imodzi pa ziwiri zofunika.

Anaphiri: Kuteteza kumateteza, koma mukumusenzetsa munthu zambiri zosunga. Pa dongosolo la awiri mwa atatu, mawu a makiyi awiri okha sakwanira kubweza waleti. Pamafunikanso makiyi apoyera onse atatu, chifukwa adiresi imapangidwa kuchokera pa onsewo. Wotaya kachipangizo kachitatu ndi mawu ake, asanasunge kiyi wake wapoyera, atha kulephera kugwiritsa ntchito ndalama zake ali ndi makiyi awiri m'manja. Munthu wongoyamba kumene sindingamutumize kumeneko.

Yamikani: Woyamba kumene ayi, ndavomera. Koma malire ake ali pati sitinagwirizane.

Tadala: Funso lina laling'ono. Anaphiri munati `Q` amapita limodzi ndi siginecha. Ndimayesa adiresi yanga ndiye `Q`?

Anaphiri: Zimatengera mtundu wa adiresi. Yoyamba ndi `1`, ndi ya `bc1q` yaifupi ya zilembo 42, ndi hashi ya `Q`: kiyi wa mabayiti 33 amadutsa mu SHA-256 kenako mu RIPEMD-160, n'kutsala mabayiti 20. `Q` weniweni amaoneka tsiku limene mwatumiza ndalama kuchoka pa adiresiyo, ndipo makompyuta amayamba aona ngati hashi yake ikufanana ndi adiresi, kenako ndi pamene amayesa siginecha. Ya `bc1p` ndiye imanyamula kiyi wapoyera wa mabayiti 32 kuyambira pachiyambi. Pa Ethereum `Q` satumizidwa n'komwe. Siginecha imakhala ndi kanambala kachitatu, `v`, ndipo kuchokera pa `r`, `s`, `v` ndi `z` makompyuta amawerengera `Q` okha, n'kumupititsa mu Keccak-256, n'kutenga mabayiti 20 omaliza. Adiresi imene yatuluka pamenepo ndiyo imalembedwa pa `From`, mzere umene a Gondwe anauyang'ana uja.